Nkhuku Yowotcha Yapsa Liti? Yezani Pantchafu

Nkhuku ikhoza kutuluka mu uvuni khungu lili psuu, fungo lili guu, koma m'kati isanapse. Khungu limafiira msanga chifukwa ndi lomwe limayang'anana ndi moto, pamene tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba, monga salimonela ndi kampilobakita, timafa pokhapokha kutentha kukalowerera mpaka pakati pa mnofu. N'chifukwa chake ophika osamala amadalira choyezera kutentha chokhala ndi kachitsulo kosongoka kobayira nyama.

Unduna wa zaulimi ku America umalangiza kuti nyama ya nkhuku ifike madigiri 74, omwe pa zoyezera zina amaoneka ngati 165°F. Ikafika pamenepo, tizilomboti timafa nthawi yomweyo.

Koma nambalayi ili ndi phindu ngati mwayeza pamalo oyenera. Nkhuku yathunthu sipsa mofanana, ndipo malo ochedwa kupsa ndi m'kati mwa ntchafu, pomwe mwendo umakumana ndi thupi. Bayani pamenepo, msonga ifike pakati pa mnofu wonenepa. Mukamva kuti yagunda fupa, bwezani pang'ono, chifukwa fupa silitentha mofanana ndi mnofu ndipo likhoza kukunamizani. Msonga isabowolenso mpaka kutulukira m'mimba mwa nkhuku, poti mukatero mukuyeza mpweya. Dikirani nambala ikhazikike, kenako yezani ntchafu inayo ndi pamnofu wonenepa wa pachifuwa. Nambala yotsika kwambiri ndiyo muikhulupirire.

Tiyerekeze kuti mukuwotcha nkhuku ya kilogalamu imodzi ndi theka mu uvuni wa madigiri 190. Pakatha ola limodzi, pachifuwa pakuonetsa 75, ntchafu imodzi 72, inayo 67. Nkhukuyo sinapse. Mbali imodzi ya uvuni ikutentha kuposa inzake, choncho tembenuzani chiwaya, phimbani pachifuwa ndi foyilo kuti pasaume, ndipo muyezenso pakatha mphindi 10. Chitsulocho chitsukeni ndi sopo musanabayenso, kuopa kubwezera tizilombo mu nyama. Ntchafu ikapitirira mpaka madigiri 80 musadandaule, chifukwa mnofu wake uli ndi mafuta ndi mitsempha yambiri, ndipo pamenepo m'pomwe umafewa bwino. Ngati munaikamo zina m'mimba mwa nkhuku, monga mpunga, nazonso zifike 74 pakati pake.

Mtundu wa nyama usakusokonezeni. Nkhuku zachizungu zimaphedwa zili zanthete, ndipo mafupa ake amatulutsa madzi ofiira omwe amadetsa mnofu wapafupi ngakhale itapsa. Komanso msuzi ukhoza kutuluka woyera nyama isanafike 74.

Choyezeracho chiyeseninso nthawi ndi nthawi. Chiviikeni m'kapu yodzaza ayezi ndi madzi pang'ono, ndipo chionetse 0. Nkhuku ikapsa, isiyeni mphindi 15 musanaidule kuti msuzi usathere pambale.