Potseka golosale kuti ikonzedwe, tsiku lotsegulanso lisasowe

Pepala lolembedwa kuti "Tatseka, titsegula posachedwa" limaoneka laulemu, koma kwa mayi wodzagula shuga m'mawa silinena kanthu. Posachedwa ndi mawa kapena mwezi wamawa? Mayiyo akabwerera kawiri pachitseko chokhoma amapita kugolosale ina, ndipo akayamba kumulemba m'buku la ngongole kumeneko, kumubweza n'kovuta.

Eni mashopu ambiri amazemba kutchula tsiku chifukwa choopa amisiri, ndipo mantha awo ngomveka. Tiyerekeze golosale ya ku Ndirande yomwe ikufunika simenti yatsopano pansi komanso penti. Mmisiri wanena kuti masiku 10 akwana. Iye wawerenga ntchito ya manja ake yokha: kugumula, kuthira simenti, kupaka penti. Sanawerenge kuti simenti imafuna kuthiriridwa madzi pafupifupi masiku 7 isanasenze firiji ndi mashelefu. Sanawerengenso masiku oti fungo la penti lithe, popeza ufa ndi buledi zimatenga fungo msanga, kapena tsiku lokapikula katundu ku Limbe. M'dzinja khoma limachedwanso kuuma. Mwini wochenjera amalengeza masabata atatu. Ntchito ikatha msanga amatsegula msanga, ndipo palibe kasitomala amene angakwiye nazo.

Uthengawo sufunika kutalika: "Makasitomala athu, golosale ino idzatsekedwa kuyambira Lolemba pa 2 Juni kuti tikonze pansi ndi kupaka penti. Tidzatsegulanso Lolemba pa 23 Juni, 6 koloko m'mawa. Pepani chifukwa cha kusokonezaku." Pansi pake pamalembedwa nambala ya foni. Mawu oti "tikonze" ngofunika, chifukwa kumsika shopu yotsekedwa mwakachetechete anthu amangoti yagwa, kapena mwini wathawa lendi. Masikuwo asankhidwanso dala kuti chitseko chitseguke malipiro a kumapeto kwa mwezi asanatuluke.

Chikwangwanicho chiyenera kupachikidwa kudakali masabata awiri, pomwe anthu akulowabe, osati usiku wotsekera. Wogulitsa azinenanso pakamwa popereka chenji, popeza si onse amawerenga za pakhoma, ndipo uthenga womwewo uikidwe pa WhatsApp. Ena amafunika kuuzidwa paokha. Wa ngongole adziwe kolipira, kaya pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo wobweretsa buledi asadzatsitse makreti pakhonde lodzaza mchenga.

Nanga ntchito ikachedwa ndithu? Pepala lakale lichotsedwe tsiku lolonjezedwalo lisanafike, paikidwe lina lotchula tsiku latsopano ndi chifukwa chake, monga kuchedwa kuuma kwa simenti. Kasitomala amamvetsa tsiku likasinthidwa kamodzi, koma chikwangwani chonena za 23 Juni chikapezekabe pachitseko chokhoma mu Julaye, sakhulupiriranso tsiku lina lililonse limene mwini angalembe.