Tsiku loyamba kumanga mpaka dzuwa kulowa

Kusanache, cha m'ma 4 koloko, agogo anamugwedeza phewa: "Dzuka iwe, dakwi yapsa." Mtsikana wa zaka 9 uja, mwana wa mchemwali wanga ku Mangochi, anadzuka maso ali tseketseke. Pamphasa panali mpunga, nyemba ndi tiyi. Agogo sanamukakamize chakudya koma madzi, makapu awiri, chifukwa amadziwa kuti chimagwetsa mwana kunyanja ndi ludzu. Adhana ya Fajiri itamveka kumzikiti, mbale zinachotsedwa.

Chaka chatha ankamanga mpaka masana basi. Chisilamu sichikakamiza mwana kusala asanathe msinkhu, ndipo nkhalamba yofooka imaloledwa kusiya n'kumadyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Agogo mphamvu akadali nazo, ndipo mdzukulu anachita kupempha yekha kuti ayesere tsiku lathunthu. Ramadhani ya 2025 inagwa m'mwezi wa Malichi, pamene kuchokera m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa pamadutsa maola oposa 13.

M'mawa munayenda bwino. Vuto linabwera pochokera kusukulu. Mnzake anamupatsa gwafa, iye n'kuluma osaganiza. Atakumbukira analavula, nathamangira kunyumba akulira.

"Agogo, ndamasula! Ndadya gwafa."

"Unadya dala?"

"Ayi, ndinaiwala."

"Ndiye sunamasule. Tsuka m'kamwa, usameze madzi, upitirize."

Agogowo sanali kungomutonthoza. Lamulo lake ndi lomwelo: wodya kapena kumwa moiwala swaumu yake siiwonongeka, bola asiye pomwe wakumbukira. Ana ambiri sadziwa zimenezi, ndipo akalakwitsa kamodzi amangoti zatha, n'kukamwa madzi mobisa.

Cha m'ma 3 koloko mwana anangoti zii, milomo itauma. Agogo anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, namuika nsalu yonyowa pamutu, kwinaku akumuyang'anitsitsa. Kufooka ndi kukwiyakwiya sanade nako nkhawa. Chomwe ankafufuza ndi chizungulire, kusanza kapena mutu waukulu, ndipo anali atamuuziratu kuti zikatero amwa madzi pomwepo popanda womuseka. Apa ndimawalemekeza agogowa, pakuti ndaonapo akuluakulu ochititsa mwana manyazi pa chinthu chomwe chipembedzo sichinamulamule.

Atapemphera Asiri, anamupatsa ntchito yopepuka yosenda mbatata za futali. Fungo la nsinjiro litayamba kutuluka mumphika, mwana anasamukira pakhonde, n'kumafunsa mphindi iliyonse ngati dzuwa lalowa.

"Tidikire adhana," agogo ankangotero.

Itamveka ya Magharibi, agogo anatenga tende imodzi mwa zitatu zomwe anasunga, naiika m'dzanja la mdzukulu, iwo asanalawe kanthu. Anamutsogolera duwa yomasulira mawu amodziamodzi. Mwana anadya tende, namwa madzi mofulumira mpaka kutsamwa, agogo n'kumusisita pamsana.

Futali anangodya theka. Pamene anthu ankapita ku Tarawehe, iye anali atagona pamwendo pa agogo, atawauza kuti mawa amudzutsenso.