Maso a khanda akasintha mtundu, musathamangire kuloza chala

Mlamu wanga atatuluka m'chikuta kwathu kwa Chisemphere, nkhani yomwe inali m'kamwa mwa anthu sinali dzina la mwana ayi, koma maso ake. Anali otuwa ngati phulusa, pomwe bambo ndi mayi ake onse ndi a maso abulauni. Azakhali ena anachita kufunsa mokweza kuti, "Kodi maso amenewa ndi a kuchimuna kapena kuchikazi?" Mlamuyo anangoti zii, koma usiku analira.

Pomwe mwanayo amayamba kukhala pansi, maso aja anali atada ngati a bambo ake. Palibe anamuthira mankhwala. Ndiye chinachitika n'chiyani?

Tengani foni, mudzijambule diso pafupi. Pakati pali kadontho kakuda, mwanadiso, komwe ndi kabowo kolowera kuwala. Kabwalo kozungulira kabowoko, komwe madokotala amati ayirisi, ndi komwe kamapereka mtundu wa diso. Utoto wake ndi melanini, yemwe amadetsanso khungu ndi tsitsi lathu. M'diso la munthu mulibe utoto wabuluu kapena wotuwa.

Kabwaloka kali ndi mbali ziwiri. Yakumbuyo imakhala yakuda pafupifupi mwa aliyense. Kusiyana kuli kutsogolo. Melanini akachuluka kumeneko, amameza kuwala kwambiri ndipo diso limaoneka labulauni. Akachepa, kuwala kumalowa n'kukagunda timinyewa tosaoneka ndi maso, kenako kumamwazika. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza, koma mtundu wabuluu ndi womwe umamwazika msanga n'kubwerera kwa woyang'ana.

Alimi a fodya ku Kasungu amaziona izi chaka ndi chaka. Utsi wopyapyala wochokera m'bani, mukauyang'ana kumbuyo kwake kuli mitengo yakuda, umaoneka ngati wabuluu. Komatu simungatape utoto wabuluu mu utsimo. Ndi kuwala chabe komwe kwamwazika.

Khanda limabadwa ndi maselo opanga melanini, koma mwa ana ena amakhala asanamalize ntchito. Amapitiriza kupanga utotowu mwana atabadwa, ndiye diso limanka lideradera. Kusintha kwakukulu kumachitika m'miyezi 6 mpaka 9 yoyambirira, ndipo ana ambiri pokwanitsa chaka mtundu umakhala utakhazikika. Kawirikawiri ulendo wake ndi umodzi: kuchoka kowala kupita kokuda.

Zomwe mumawerenga pa intaneti zoti ana onse amabadwa ndi maso abuluu si zoona. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Stanford ku America, yemwe anatuluka mu 2016, anapeza kuti mwa makanda 192, oposa theka anabadwa ndi maso abulauni. Kwathu kuno ana ambiri amabadwa maso atada kale, choncho kusinthako sikuoneka kwenikweni. N'chifukwa chake mwana mmodzi wa maso otuwa amautsa mudzi wonse.

Kuchuluka kwa melanini mwana amatengera kwa makolo onse awiri, kudzera m'tizigawo tambiri ta chibadwa, osati kamodzi. Maso si umboni woti mwana ndi wa uje. Mwana wachialubino naye amabadwa kwa makolo akuda, onse awiri akakhala ndi chibadwacho mobisika. Thupi lake limapanga melanini wochepa kwambiri, ndiye maso sada ngati a anzake, amawopa dzuwa ndipo nthawi zambiri amagwedezeka. Ameneyu amafunika chipewa ndi kupimidwa maso msanga, osati manong'onong'o.

Koma pali kusintha kwina komwe si kwa melanini. Mwanadiso ayenera kuoneka wakuda. Mukajambula mwana ndi fulashi m'nyumba ya mdima pang'ono, pakatipo pakhoza kuwala mofiirira m'maso onse awiri, zomwe zili bwino. Pakawala moyera ngati diso la mphaka usiku, ikhoza kukhala ng'ala yobadwa nayo kapena khansa ya m'diso ya ana. Musadikire tsiku la sikelo. Pitani kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha boma ku Kasungu, muwaonetse chithunzicho. Chitani chimodzimodzi diso likachita chifunga, likamakula kuposa linzake, likamatuluka mafinya, kapena mbali yoyera ija ikasanduka yachikasu m'masiku oyamba. Ndipo musadonthezeremo mkaka wa m'mawere kapena zitsamba.

Mwana wa mlamu wanga pano akuyenda, ndipo azakhali aja ndi omwe amatsogola kunena kuti maso anatengera kuchimuna. Chithunzi cha sabata yake yoyamba ndinachisunga mu foni, kuti khanda lina likadzabadwa ndi maso otuwa, tidzaonetse anthu asanaliritse mayi wina.