Lendi ya shopu ku England imakwera, sitsika

Wochita malonda ku England akasaina pangano la shopu la zaka 10, lendi ya mapaundi 20,000 pa chaka imaunikidwanso kawirikawiri pakatha zaka 5. Mapangano ambiri akale amati lendi ikhoza kukwera, koma kutsika ayi. Mitengo mumsewuwo ikagwa kufika pa 15,000, iye amalipirabe 20,000.

Pothawira ndi ndime yolola kuthetsa pangano nthawi isanakwane, koma imafuna kusamala kwadzaoneni. Chidziwitso, nthawi zambiri cha miyezi 6, chikachedwa tsiku limodzi lokha, kapena lendi ikaperewera, mwayi wapita. Mu 2015 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti kampani ya Marks & Spencer isabwezeredwe lendi yomwe inalipiriratu ya masiku otsatira kutuluka kwake, chifukwa pangano silinatero.

Kukonza nyumba nakonso kumaluma: wolonjeza kuisunga ili bwino akhoza kulipira denga lomwe analipeza likudontha kale. Zithunzi zojambulidwa polowa, zomatidwa ku pangano, zimamuteteza.

Kubwereketsako wina kumafuna chilolezo cha mwininyumba, ndipo winayo akalephera kulipira, ngongole imatsalira wosaina woyamba.