Lolani foni izikukumbutsani za msonkhano wa sabata iliyonse

Pali zinthu zomwe tsiku lake silisintha: banki m'khonde Lachinayi, kwaya Loweruka, mphakati Lachitatu. Ambiri amatchera alamu, koma ikalira sinena kuti gulu lidzagawana liti, ndipo sidziwa kuti sabata ino msonkhano wasunthidwa. Kalendala ya m'foni imatha zonsezi. Mumalemba msonkhano kamodzi kokha, n'kuiuza lamulo la kabwerezedwe, iyo n'kudzaza yokha masabata otsatira.

Titenge chitsanzo cha mlembi wa gulu la banki m'khonde lomwe limakumana Lachinayi lililonse 2 koloko masana. Mamembala agwirizana kukumana ka 40 asanagawane masheya, kuyambira pa 8 Januwale 2026. Mlembiyu ali ndi foni ya Android yomwe muli Google Calendar.

Atsegule kalendalayo, adine chizindikiro cha + ndi kusankha Event. Alembe dzina la msonkhano, kenaka aike tsiku loyamba ndi nthawi yake. Apa mpofunika kusamala kwambiri, chifukwa foni imatenga tsiku lobwereza kuchokera pa deti loyambali. Ngati akulemba Lolemba n'kuiwala kusintha deti, foni izimukumbutsa Lolemba lililonse, Lachinayi n'kukhala chete.

M'munsi mwa nthawi muli mawu akuti Does not repeat, kutanthauza kuti msonkhanowo ndi wa tsiku limodzi. Akadina pamenepo apeza Every week, yomwe imabwereza sabata ndi sabata mosalekeza. Koma poti gulu lake lili ndi malire, iye asankhe Custom. Pamenepo asiye nambala 1 kuti ikhale sabata iliyonse, aonetsetse kuti tsiku lochongedwa ndi Lachinayi lokha, ndipo pa gawo la mathero aike kuti ithe ikakwana maulendo 40. Masiku amalembedwa ndi chilembo chimodzi cha Chingerezi, choncho pali ma T awiri: woyamba ndi Lachiwiri, wachiwiri ndiye Lachinayi. Gulu lokumana pakatha masabata awiri liike 2 m'malo mwa 1.

Kulemba msonkhano pakokha sikokwanira ngati foni sikuchenjezani pa nthawi yabwino. Pa Add notification mlembi akhoza kuika machenjezo awiri: limodzi kutatsala tsiku, kuti akonze mabuku ndi ndalama zosonkha, lina kutatsala ola limodzi, kuti anyamuke. Akamaliza adine Save, kenaka ayang'ane miyezi yakutsogolo. Ngati zonse zili bwino, msonkhano womaliza uoneka Lachinayi pa 8 Okutobala 2026.

Vuto lalikulu limabwera posintha. Pa 14 Meyi ndi tchuthi cha Kamuzu Day, ndipo mu 2026 tsikuli likugwa Lachinayi. Tinene kuti gulu lagwirizana kukumana mawa lake. Mlembi akatsegula msonkhano wa pa 14 Meyi n'kusintha deti, foni imufunsa kuti kusinthaku kukhudze misonkhano iti. Asankhe This event, kutanthauza uwu wokha. Mawu akuti This and following events ndi ogwiritsa ntchito gulu likasintha nthawi mpaka kalekale, mwachitsanzo kuchoka 2 koloko kupita 3 koloko, chifukwa amasintha msonkhano umenewo ndi yonse yakutsogolo koma osakhudza yam'mbuyo. Pomwe All events imasintha yonse, ngakhale yomwe inachitika kale. Funso lomweli limabweranso pofufuta, ndipo kuphonya apa kukhoza kuchotsa misonkhano yonse 40 nthawi imodzi.

Dziwaninso kuti msonkhano umodzi ukalephereka, mwina chifukwa cha maliro, inu n'kuufufuta, foni siionjezera wina kumapeto. Mndandanda uthabe pa 8 Okutobala, misonkhano itakhala 39. Ngati gulu likufuna 40 yathunthu, mlembi alembe wina pa 15 Okutobala.

Nanga msonkhano ukamaoneka m'kalendala koma foni osalira? Zikatero lamulo lanu lili bwino, vuto lili m'foni. Lowani mu Settings muone ngati Calendar ili ndi chilolezo chotumiza machenjezo, ndiponso ngati Do Not Disturb siinayatsidwe. Mafoni ena amatsekereza mapulogalamu pofuna kusunga batire, choncho ichotseni kalendala pa mndandanda wa zotsekerezedwazo. Za bandulo musadandaule: zomwe zasungidwa kale m'foni zimakumbutsa ngakhale palibe intaneti, bola foni ikhale yoyaka ndipo wotchi yake ikhale yolondola. Intaneti imafunika kuti zomwe mwalemba zikasungidwenso mu akaunti yanu ya Google, n'cholinga choti mukadzasintha foni mudzazipeze.

Musanaidalire kalendalayi pa nkhani ya ndalama za gulu, iyeseni kaye. Lembani msonkhano wongoyeserera woti uyambe pakatha mphindi 15, muike chenjezo la mphindi 10, kenaka mutseke foni n'kudikira. Ikalira, lembani msonkhano weniweni ndi kuonetsetsa kuti deti lomaliza ndi lomwe gulu linagwirizana.