Chikalata cha Chifalansa chikafika pa ofesi ya Chingerezi

Ku Chinsapo, ku Mgona ndi ku Area 25 kuli mabanja amene amasunga zikalata za Chifalansa pansi pa sutikesi. Ena ndi Amalawi amene anakwatirana ndi anthu a ku Congo, Burundi kapena Rwanda, ena ali ndi abale ku Dzaleka, msasa wa ku Dowa umene wakhala ukulandira othawa kwawo kuyambira 1994. Zikalatazo zimatuluka m'sutikesi tsiku limene mwana akufuna malo a sukulu kapena bambo akufunsira ntchito. Maofesi athu amayendera Chingerezi, choncho pepalalo limapita kaye kwa womasulira, amene nthawi zambiri ndi mphunzitsi wa Chifalansa kapena m'bale wodziwa zinenero zonse ziwiri. Ziganizo sizimuvuta kwenikweni. Amaima mutu akafika pa mayina a maofesi, maudindo a anthu osaina ndi zidule za pa chidindo, pakuti pa lililonse ayenera kusankha: kulisiya mmene lilili, kulitembenuza, kapena kulisiya n'kuwonjezera mawu ochepa olifotokoza.

Musanasankhe, kumbukirani amene adzawerenge. Ndi kalaliki amene sanafikeko ku Congo, amene ayenera kugamula ngati pepalalo likukwanira, ndipo akakayika angafune kulembera ofesi imene inalipereka. Motero pa dzina lililonse dzifunseni ngati iye angaipeze ofesiyo ndi dzina limene mwalembalo, ndiponso ngati mawu a Chingerezi mwasankhawo sakulonjeza zinthu zimene chikalatacho sichinanene.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Chinsapo wabweretsa pepala la kubadwa kwa amuna ake, lolembedwa ku Bukavu. Pamwamba pali *Province du Sud-Kivu*, *Ville de Bukavu*, *Commune de Kadutu*. Mizere iwiri yoyambayo tembenuzani mosaopa, chifukwa *South Kivu Province* ndi *City of Bukavu* ndi mayina amene olemba Chingerezi amagwiritsa kale ntchito. Mzere wachitatu ndi wina. Bukavu inagawidwa m'makomini atatu, Ibanda, Kadutu ndi Bagira, ndipo komini si boma ngati Dedza, komanso si wodi ya khansala monga timadziwira kuno. Ndi chigawo cha mzinda chokhala ndi ofesi yakeyake, kumene amalembera kubadwa, maukwati ndi imfa. Lembani *Commune of Kadutu*, ndipo pamene lawonekera koyamba onjezerani kuti ndi *administrative division of the city*.

Pansi pa pepalalo wasaina ndi *Bourgmestre*. Ambiri amathamangira kulemba *Mayor*, koma mzinda wa Bukavu uli ndi meya wake, *Maire*, amene ali pamwamba pa akuluakulu a makomini atatuwo. Mukalemba *Mayor* mwapereka siginecha kwa munthu amene sanasaine, ndipo wofuna kutsimikiza adzagogoda pa khomo lolakwika. Dikishonale idzakupatsani *Burgomaster*, mawu oona ndithu, koma amene sathandiza kalaliki wa ku Lilongwe. Siyani *Bourgmestre*, mutsatize *head of the commune*. Udindo wake wachiwiri, *Officier de l'état civil*, mungautembenuze kukhala *civil registrar*, chifukwa ukunena za ntchito imene ofesi iliyonse yolembetsa anthu ikuidziwa.

Cholemera koposa pa pepalali ndi mutu wake. Ku Congo kuli *acte de naissance* ndi *attestation de naissance*, ndipo si chinthu chimodzi. Choyambacho chimachokera m'kaundula wa boma. Lamulo la kumeneko limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masiku 90, ndipo wochedwa amayenera kudzera ku khoti kukatenga chigamulo chotchedwa *jugement supplétif* asanalowe m'kaundulamo. Chachiwiricho ndi kalata ya ofesi yochitira umboni kuti munthuyo anabadwira kwakuti tsiku lakuti, ndipo mphamvu yake ndi yocheperapo. Womasulira amene walemba *Birth Certificate* pa zonse ziwiri angaganize kuti wathandiza mayiyo. Koma tsiku limene pepalalo lidzafike kwa kazembe wa dziko lina, kumene kuli anthu odziwa kusiyanaku, adzakayikira fayilo yonse, ndipo wovutika adzakhala mwini wake. Lembani *Attestation of birth*, ndipo mutu wa Chifalansawo ukhale pambali pake.

Mapepala a sukulu ndiwo amayesa mtima kwambiri, chifukwa mwini wake amakhala ataima pomwepo kupempha kuti zimveke bwino. Womaliza sekondale ku Congo amalemba *Examen d'État*, ndipo akakhoza amalandira *Diplôme d'État*. Kuno dipuloma ndi ya kukoleji, yobwera munthu atapeza kale MSCE. Mukangolemba *State Diploma* popanda china, bwana wolemba ntchito angaganize kuti munthuyo anadutsa kukoleji. Mukalemba MSCE, mwachita ntchito imene si yanu. Kunena kuti pepala lakunja likufanana ndi liti la kuno ndi udindo wa mabungwe a boma: MANEB pa mayeso a sekondale, ndi NCHE pa maphunziro apamwamba. Womasulira asiye *Diplôme d'État*, afotokoze kuti ndi *national secondary school leaving diploma*, basi. Akatero mabungwewo amalandira chinthu chimene angathe kuchiyeza okha.

Pa pepala lomwelo pali misampha ina. *Préfet des études* si pulifekiti wa ana a sukulu, ndi hedimasitala wa sekondale. *Humanités* ndi makalasi akumtunda a sekondale, osati phunziro la kuyunivesite. Nayo *Collège* ku Congo kawirikawiri imakhala sekondale ya Akatolika, monga Collège Alfajiri ya ku Bukavu. Dzina la sukulu silitembenuzidwa, koma pamafunika mawu awiri onena kuti ndi sekondale.

Za kuyunivesite zimafuna kuti muyang'ane chaka. Kale ku Congo wophunzira ankachita zaka zitatu n'kulandira *Graduat*, kenako zaka zina ziwiri n'kulandira *Licence*, zonse pamodzi zaka zisanu. Kuyambira 2021 dzikolo linayamba kutsata ndondomeko yotchedwa LMD, mmene *Licence* imatenga zaka zitatu zokha. Choncho anthu awiri angabweretse mapepala a dzina limodzi, wina wa 2012 ndi wina waposachedwa, koma zaka zimene anakhala m'kalasi n'zosiyana. Mukalemba *Bachelor's degree* pa onse awiri mwakwirira kusiyanako. Mukalemba *Graduate* pa *Graduat* mwamukweza munthu, ndipo mukalemba *Licence* popanda kufotokoza, kalaliki wa kuno aganiza za laisensi ya galimoto kapena ya bizinesi. Apa palibe njira ina koma kusiya dzinalo, kutchula kuti ndi pepala la kuyunivesite, ndi kuonetsetsa kuti zaka zolembedwa pa masatifiketi ndi pa mndandanda wa malikisi zakopedwa bwinobwino.

Maudindo a usilikali ndi a khoti amatuluka kwambiri m'nkhani zimene othawa kwawo amafotokoza popempha malo, ndipo kumeneko kulakwa kochepa kungachititse kuti umboni woona uoneke wosagwirizana. *Adjudant* si *Adjutant*. Woyambayo ndi msilikali wamkulu wa pansi pa maofisala, amene Chingerezi chimamutcha *warrant officer*, pomwe wachiwiriyo ndi ofisala wothandiza mkulu wa gulu pa za makalata ndi mwambo. *Commandant* m'gulu lankhondo la France ndi udindo wofanana ndi meja, koma pakamwa pa munthu wamba wa ku Kivu lingatanthauze aliyense amene ankalamula asilikali pamalopo. Ngati wofotokozayo alipo, m'funseni. Ngati palibe, siyani mawuwo mmene alili, musamupatse munthu nyota zimene simunazione. *Auditorat militaire* nayo si ofesi yowerengera ndalama, ndi ofesi yozenga milandu ya asilikali, ndipo munthu amene akuti anatsekeredwa kumeneko akunena chinthu chachikulu.

Zidule zili ndi lamulo losavuta: funsani ngati bungwelo lili ndi dzina lakelake m'Chingerezi. Mabungwe a mayiko onse ali nalo. HCR ndi UNHCR, PAM ndi WFP imene anthu a ku Dzaleka amaidziwa pa za chakudya, OMS ndi WHO, OIM ndi IOM, ndipo RDC ndi DRC. Awa sinthani, chifukwa simukupeka kanthu. Koma mabungwe a dziko la Congo alibe zidule za Chingerezi. FARDC ndi gulu lankhondo la dzikolo, PNC ndi apolisi, DGM ndi ofesi yoona za olowa ndi otuluka, CENI ndi bungwe la zisankho. Mukatembenuza dzina lonse n'kupanga chidule chatsopano kuchokera ku mawu a Chingerezi, mwabala bungwe limene kulibe. Lembani tanthauzo kamodzi, chidule chikhale cha Chifalansa mpaka kumapeto. Palinso ena amene ngakhale eni Chingerezi anasunga chidule cha Chifalansa. MONUSCO ndi chitsanzo chimene mabanja a asilikali athu akuchidziwa, popeza Malawi anatumiza asilikali ku gulu lake lapadera limene linakhazikitsidwa mu 2013 pamodzi ndi Tanzania ndi South Africa. Samalani ndi chaka apanso: chisanafike 2010 dzina lake linali MONUC, ndipo pepala la 2008 liyenera kukhalabe ndi dzina lakalelo. MSF, imene yagwira ntchito ya zaumoyo ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, imalembedwanso chimodzimodzi m'Chingerezi.

Mawu ofotokozerawo akhale aafupi, aikidwe m'mikutiramawu kuti aliyense aone kuti ndi a womasulira, ndipo alembedwe kamodzi kokha. Chimene mwasankha pa tsamba loyamba musachisinthe pa lachitatu, chifukwa *Bourgmestre* akasanduka *Mayor* pakati pa fayilo, wowerenga aganiza kuti ndi anthu awiri. Zidindo nazo zimasuliridwe, ndipo pamene inki yafufutika lembani kuti sipakuwerengeka m'malo moyerekeza.

Mukamaliza, lumikizani fotokope ya chikalata cha Chifalansa ku chimene mwamasuliracho. Womasulira alembe pansi dzina lake, tsiku, ndi mawu otsimikiza kuti amadziwa zinenero zonse ziwiri ndiponso kuti wamasulira mokhulupirika. Maofesi ambiri amafuna kuti mawu amenewa alumbiridwe pamaso pa wolumbiritsa wovomerezeka, monga loya kapena majisitireti. Chidindo cha wolumbiritsayo chimangochitira umboni kuti womasulira analumbira, sichinena kuti Chifalansacho chamasuliridwa molondola. N'chifukwa chake mwini chikalata, asanakwere minibasi yopita m'tauni, akhale pansi ndi womasulirayo, adutse limodzi dzina lililonse la ofesi, udindo ndi chidule, ndipo afunse ku ofesi yolandirayo ngati ili ndi omasulira ake amene imawavomereza.