Makina Akamasulira Chifalansa, Munthu Amayang'ana Pati?

Masiku ano munthu akalandira kalata ya m'Chifalansa sathamanganso kukafuna womasulira. Amaiponya mu Google Translate kapena DeepL, ndipo asanaphethire Chingerezi chatuluka kale, chosalala bwino ngati walemba ndi loya wa ku London. Kuyambira cha m'ma 2016, pamene makina omasulira anayamba kugwiritsa ntchito njira yatsopano yophunzirira kuchokera ku ziganizo mamiliyoni zomwe anthu anamasulira kale, Chingerezi chake chinasiya kukhala chopunthwapunthwa. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chiganizo chikhoza kumveka bwino zedi chikunena zotsutsana ndi zomwe mwini kalata analemba.

N'chifukwa chake pali ntchito ya anthu okonza zomwe makina amasulira. Ndi ntchito yodziwika m'malo amene zilankhulo ziwirizi zimayendera limodzi, monga ku Canada, ku Cameroon, m'maofesi a European Union ndi United Nations, komanso kuno kwathu m'mabungwe a SADC ndi COMESA. Mu 2017 panatuluka muyezo wake wa dziko lonse, ISO 18587. Kukonzako kuli pawiri. Pali kopepuka, kongofuna kuti uthenga ukhale woona ngakhale mawu asakome, ndipo pali kwathunthu, komwe zotuluka zimayenera kufanana ndi ntchito ya munthu womasulira. Konseko pali malo atatu amene wokonza sadutsa mothamanga: mawu okana, alowam'malo ndi mawu a ntchito. Tiyese ndi chikalata chimodzi, mgwirizano wa lendi ya nyumba wolembedwa ku France.

Tiyambe ndi kukana. M'Chichewa timakana ndi kachidutswa kamodzi: ndibwera, sindibwera. Chifalansa chimagwiritsa ntchito mawu awiri otsekera mneni pakati. Patsogolo pamakhala ne, pambuyo pamabwera mnzake, ndipo tanthauzo lili mwa mnzakeyo. Akakhala pas ndiye kukana wamba, akakhala plus ndiye kuti chinthucho chasiya kuchitika, akakhala jamais ndiye kuti sichichitika ndi tsiku limodzi lomwe. Koma akakhala que palibe kukana kulikonse. Awiriwo amatanthauza "pokhapokha" kapena "basi".

Mu mgwirizano wathu muli chiganizo ichi: "Le dépôt de garantie ne sera restitué qu'après l'état des lieux." Chikunena kuti dipoziti idzabwezedwa pokhapokha nyumba itayenderedwa kuona ngati yawonongeka. Chingerezi cholondola ndi "The deposit will be returned only after the inspection." Makina akaphonya amatulutsa "will not be returned after the inspection", ndipo walendi wowerenga zimenezi angataye mtima pa ndalama yomwe ndi yake ndithu. Pa chiganizo chachifupi chotere makina ambiri salakwitsa. Ngozi imabwera chikatalika, ne ndi que atatalikirana ndi mawu khumi kapena kuposa, kapenanso pamene chikalatacho chinachita kujambulidwa ndipo kompyuta inawerenga molakwika zilembo zina.

Palinso ne woyenda yekha amene sakana kanthu. Amapezeka m'Chifalansa cha m'maofesi pambuyo pa mawu monga à moins que, avant que ndi craindre que. Mgwirizanowu ukuti: "Le bail est reconduit à moins que le locataire ne donne congé." Tanthauzo lake, lendi ipitirira yokha kupatula ngati walendi wapereka chidziwitso chotuluka. Makina akamuyesa ne ameneyu wokana amalemba "unless the tenant does not give notice", zomwe zikutembenuza lamulo lonse chadodolido. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukaona "unless" kapena "before" akutsatana ndi "not", bwererani ku Chifalansa mukaone ngati pali pas. Ngati palibe pas, plus, jamais, rien kapena personne, kawirikawiri "not" uja ndi mlendo wosaitanidwa.

Cholakwika china chimakhala pa mphamvu ya lamulo. "Le locataire n'est pas tenu de repeindre" akutanthauza kuti walendi sakukakamizidwa kupentanso nyumba, koma akafuna palibe womugwira dzanja. "Il ne doit pas repeindre" ndi kuletsa. Choyamba chimafuna "is not required to", chachiwiri "must not". Zonse zili ndi "not", ndiye wongowerenga mawu okana amaona ngati zili bwino, chonsecho china ndi ufulu, china ndi chiletso.

Pa alowam'malo, wolankhula Chichewa ali ndi mwayi womvetsa vutoli msanga. Ife timati mwana wake, galimoto yake, chipewa chake: mawuwo amatsata chinthucho, ndipo sanena ngati mwini wake ndi bambo kapena mayi. Chifalansa chimachitanso chimodzimodzi ndi son, sa ndi ses. Son bureau ndi ofesi yake, kaya mwini ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Chingerezi ndiye chimakakamiza kusankha pakati pa "his", "her" ndi "its". Ngati chiganizo sichikunena mwini, makina amangolota, ndipo amalota motsata zomwe anaziona kwambiri pophunzira. N'chifukwa chake dokotala, woweruza kapena mkulu wa kampani amasanduka mwamuna nthawi zambiri ngakhale ndime yam'mbuyo yanena poyera kuti ndi mayi. Mawu a lui nawonso ndi otero: pamaso pa mneni amaimira "kwa iye", wamwamuna kapena wamkazi.

Pamwamba pa izi, dzina lililonse m'Chifalansa lili m'gulu lachimuna kapena lachikazi, ngakhale tebulo ndi kampani. Taonani ziganizo ziwiri za m'kalata yotsagana ndi mgwirizano uja: "La société a écrit à la locataire. Elle conteste le montant." Kampani yalembera mayi walendi kalata, ndipo wina mwa awiriwa akutsutsa kuchuluka kwa ndalama. Société ndi dzina lachikazi, walendinso ndi mayi, choncho elle akhoza kuimira aliyense. Makina akalemba "she" aloza mayiyo, akalemba "it" aloza kampani. Vuto limakula chifukwa mapulogalamu ambiri a omasulira amaduladula chikalata m'ziganizo, chilichonse m'kabokosi kake, ndipo makina samaona nthawi zonse zomwe zanenedwa kumbuyo. Wokonza amawerenga kalata yonse kuti adziwe akudandaula ndani. Akapeza kuti ndi kampani, njira yabwino ndi kuchotseratu mlowam'malo n'kulemba "The company disputes the amount." Ngati kalata yonse siikuthandiza, salota, amafunsa mwini ntchito.

Mbali yachitatu ndi mawu a ntchito. Chingerezi chinabwereka mawu ochuluka ku Chifalansa kuyambira pamene a Norman analanda England mu 1066, ndipo ambiri anasintha tanthauzo m'njira koma maonekedwe anatsala. Délai amafanana ndi "delay", koma m'mgwirizano amatanthauza nthawi yoikika. "Dans un délai de deux mois" ndi kunena kuti isanakwane miyezi iwiri, "within two months". Mukaona "a delay of two months", kusachedwa kwasanduka kuchedwa. Éventuellement amatanthauza "mwina, ngati pangafunike", pomwe "eventually" akulonjeza kuti chinthucho chidzachitika ndithu pamapeto pake.

Mawu ovuta kwambiri mu mgwirizano wathu ndi caution. Anthu wamba ku France amatchula dipoziti ndi mawu amenewa, koma m'chilankhulo cha malamulo caution ndi munthu woimira walendi, amene walonjeza kulipira mnzakeyo akalephera. Ndalama ya dipoziti dzina lake ndi dépôt de garantie. Makina akhoza kulemba "deposit" ponseponse, zinthu ziwiri n'kusanduka chimodzi. Wokonza amazindikira poona zomwe mawuwo akuchita m'chiganizo: caution amene akusayina, amene ali ndi adiresi kapena akulandira kalata ndi munthu, ndipo Chingerezi chake ndi "guarantor". Ndalama siisayina.

Palinso kusinthasintha. Makina akhoza kutchula bailleur, mwini nyumba, kuti "lessor" pa tsamba loyamba, "landlord" pa lachiwiri, "owner" pa lachitatu. M'nkhani yongocheza zilibe kanthu, koma m'mgwirizano wowerenga angayese ndi anthu atatu. Wokonza amasankha dzina limodzi, nalilemba pa mndandanda wa mawu a ntchitoyo, kenako amafufuza chikalata chonse ndi kompyuta kuti paliponse pafanane. Akakayika amatsegula nkhokwe za mawu zaulere: TERMIUM Plus ya boma la Canada, IATE ya European Union kapena UNTERM ya United Nations. Manambala nawo amawadutsa ndi chala, chifukwa Afalansa amalemba 1 250,50 pomwe Chingerezi chimafuna 1,250.50.

Dongosolo la ntchito limatsatira zomwe tanenazi. Wokonza waluso amayamba ndi Chifalansa, namvetsa chiganizo payekha asanayang'ane zomwe makina apereka, chifukwa Chingerezi chosalala chikayamba kulowa m'mutu, diso limayamba kuona zomwe kulibe. Kenako amafananiza mbali ziwirizo: ne aliyense amamupezera mnzake ndi kuona zomwe zatuluka kutsidyako, "he", "she" ndi "it" aliyense amamufunsa kuti akuimira ndani, ndipo mawu a ntchito amawayerekeza ndi mndandanda. Chiganizo chomwe chalakwika pawiri kapena patatu amachifufuta n'kumasulira yekha, popeza kuchizigamba kumadya nthawi kuposa kuyambiratu. Pomaliza amatseka Chifalansa n'kuwerenga Chingerezi chokha ngati mwini nkhani, kufunsa ngati zikumveka kuti landilodi angalamule zoterezi.

Kuwerenga komalizaku kumagwira zolakwika zina, koma pakokha sikukwanira. "The deposit will not be returned" ndi Chingerezi chopanda chilema, ndipo wodziwa Chingerezi chokha alibe podziwira kuti chalakwika. Ngati mwalandira mgwirizano, kalata ya kukhoti kapena malangizo a mankhwala a m'Chifalansa, makina akuthandizeni kudziwa mutu wa nkhani, koma musasayine kapena kumwa chilichonse munthu wowerenga zilankhulo zonse ziwiri asanaike mapepalawo pambali pa linzake n'kufananiza chiganizo ndi chiganizo.